Kuchotsa ziphuphu za mthunzi ndi mithunzi yoyandama: yezani bayasi ndi tekiselo ya kasikedi iliyonse

Njira yojambula mithunzi ndi mapu a kuya, zithunzi zosunga mtunda wa zinthu kuchokera kumene kuli kuwala, imene Lance Williams anafotokoza mu 1978, ili ndi matenda awiri amene amabwera mosinthana. Oyamba ndi ziphuphu: timizere takuda ndi timadontho toonekera pamalo amene kuwala kukugunda bwinobwino. Mukawonjezera bayasi, kanambala kamene kamachotsedwa pa kuya pofananiza ndi mapu, kuti zichoke, matenda achiwiri amatulukira: mthunzi umasiyana ndi tsinde la chinthu, ndipo khoma kapena munthu amaoneka ngati wayandama. Ambiri amangokweza ndi kutsitsa nambala imodziyo mpaka kutopa, osadziwa kuti palibe nambala imodzi imene ingakwanire makasikedi onse, ndiye kuti zidutswa za dera limene kamera ikuona, chilichonse ndi mapu akeake. Bayasi iyenera kuyezedwa ndi kukula kwa tekiselo, kadontho kamodzi ka m'mapu, ndipo tekiselo imakula mosiyana m'kasikedi iliyonse.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: kuwala kwa dzuwa, makasikedi 4, mapu a 2048 × 2048 pa kasikedi iliyonse, kamera yoona madigiri 60 kuchokera pansi kukwera m'mwamba pa sikirini ya 16:9, ndi mithunzi yoyambira pa mita 0.5 kulekeza pa mamita 200. Khodi ndi ya OpenGL ndi GLSL.

Gwero la ziphuphu

Pojambula mapu, khadi la zithunzi limasunga kuya kumodzi kokha pa tekiselo iliyonse, kumene kwayezedwa pakati penipeni pa tekiseloyo. Koma tekiselo imodzi imaphimba kachigawo ka pansi kamene muli mapikiselo ambiri a kamera. Ngati pansipo papendekeka poyerekeza ndi kumene kuwala kukuchokera, theka la kachigawoko lili pafupi ndi kuwala kuposa kuya kosungidwa, theka linalo lili patali. Theka lakutalilo likafananizidwa ndi mapu limapezeka ngati labisika kuseri kwa chinachake, pamene chinachakecho ndi pansi pomwepo. Ndiye chifukwa chake ziphuphu zimabwera m'mizere yotsatizana bwino: mzere uliwonse ndi mzere wa matekiselo.

Kukula kwa cholakwikachi n'kotheka kuwerengera. Tengani nomalo, kamuvi kongoganizira koima chilili pankhope ya chinthu, ndipo ngodya ya pakati pa nomaloyo ndi kumene kuli kuwala muitche θ. Mukasuntha tekiselo imodzi pamapu, kuya kumasintha motere:

```
cholakwika = tekiselo × tan(θ)
```

Pa madigiri 60, `tan` ndi 1.73. Pa madigiri 80 ndi 5.67, pa 85 ndi 11.4, ndipo pa 89 yapitirira kale 57. Nkhope imene dzuwa likuiwomba molunjika siifuna bayasi kwenikweni, pomwe imene kuwala kukungoikhudza mwachambali imafuna yaikulu kwambiri.

Sitepe 1: Konzani malo oyeserera, ndipo zimitsani bayasi yonse

Musayesere m'dziko lenileni la masewera, momwe udzu ndi mitundu ya makoma zimabisa zolakwika. Pangani bwalo loyera la mamita 200, muikepo khoma lochindikala masentimita 20, mtengo wowongoka wochindikala masentimita 10, mpira wosalala, malo otsetsereka, ndi kabokosi kakafupi ka masentimita 15. Gulu limeneli muliike kanayi, pa mamita 5, 20, 50 ndi 150 kuchokera pa kamera, kuti kasikedi iliyonse ikhale ndi lake. Dzuwa likhale loti mutha kulitsitsa ndi kulikweza pulogalamu ili mkati moyenda.

Kenako ikani bayasi ya mtundu uliwonse pa 0, ndipo sheda, pulogalamu yaing'ono yoyenda pa khadi la zithunzi, ipake kasikedi iliyonse mtundu wake: yofiira, yobiriwira, yabuluu, yachikasu. Bwalo lonse lidzadza ndi mizere, ndipo n'zimene tikufuna. Mizereyo iyenera kunenepa mukawoloka malire a makasikedi, ndiponso kusintha mukazunguza dzuwa. Ngati pali timadontho tophethira timene tikutsala ngakhale mutazimitsa mithunzi yonse, si ziphuphu zimenezo: ndi nkhope ziwiri zogundana pamalo amodzi m'kuya kwa kamera, ndipo bayasi ya mthunzi siingazichotse.

Onaninso kuti kufananiza kuya kukuchitika kusefa kusanachitike. Mu OpenGL, mapu akhale ndi `GL_TEXTURE_COMPARE_MODE` yoikidwa pa `GL_COMPARE_REF_TO_TEXTURE`, ndipo awerengedwe ndi `sampler2DArrayShadow`. Mukawerenga kuya ndi `GL_LINEAR` pa sampula wamba n'kufananiza pambuyo pake, ndiye kuti mwasakaniza kuya kwa denga ndi kwa pansi n'kupeza kuya kumene kulibe chinthu chilichonse, ndipo m'mphepete mwa mithunzi mudzaoneka mizere yowala kapena yakuda imene simudzatha kuichotsa.

Sitepe 2: Gawani makasikedi musanakhudze bayasi

Malire a makasikedi ndiwo amapereka kukula kwa tekiselo, choncho mukawasintha pambuyo pake ntchito yonse ya bayasi imabwerera poyambira. Njira yodziwika imasakaniza magawidwe awiri: a logarizimu, amene amapatsa malo apafupi matekiselo ambiri, ndi ofanana, amene amangodula mtunda m'zidutswa zolingana.

```
logi   = n × (f / n)^(i / m)
wamba  = n + (f − n) × i / m
malire = λ × logi + (1 − λ) × wamba
```

Apa `n` ndi 0.5, `f` ndi 200, `m` ndi 4, ndipo `i` ndi nambala ya malire, kuyambira 1 mpaka 4. Magawidwe a logarizimu okha amapereka mamita 2.2, 10, 44.7 ndi 200, ndipo kasikedi yoyamba imathera pamapazi penipeni pa kamera. Ofanana okha amapereka 50, 100, 150 ndi 200, ndipo mithunzi yapafupi imaoneka ya mabokosimabokosi. Ndi `λ` ya 0.8 malire amagwera pa mamita pafupifupi 12, 28, 66 ndi 200, pamene ndi poyambira pabwino.

Chidutswa chilichonse cha dera limene kamera ikuona chikulungidwe ndi mpira, osati bokosi lothina. Bokosi lothina limasunga matekiselo, n'zoona, koma limakula ndi kuchepa kamera ikamatembenuka. Tekiselo ikamasintha kukula pa fulemu iliyonse, m'mphepete mwa mithunzi mumanjenjemera, ndipo bayasi imene inakwanira mutayang'ana mbali ina imaperewera mukatembenuka. Mpira susintha kukula. Pa kamera yathu, mtunda wochokera pakati pa mpira kufika kunja kwake ndi pafupifupi 1.18 kuchulukitsa ndi malire akutali a chidutswacho, ndiye manambala akutuluka motere:

- kasikedi 0: mpira wa mamita 28 m'mimba mwake, tekiselo ya masentimita 1.4
- kasikedi 1: mamita 66, tekiselo ya masentimita 3.2
- kasikedi 2: mamita 155, tekiselo ya masentimita 7.6
- kasikedi 3: mamita 471, tekiselo ya masentimita 23

Tekiselo ya kasikedi yomaliza ndi yaikulu pafupifupi ka 17 kuposa ya yoyamba. Dzuwa likakhala pa θ ya madigiri 60, cholakwika cha tekiselo imodzi ndi masentimita 2.4 pafupi ndi kamera, ndi masentimita 40 kutali. Bayasi yokwanira kutali idzayandamitsa chilichonse chapafupi, ndipo yokwanira pafupi idzasiya mapiri akutali ali ndi mizere.

Musanapitirire, dzifunseni ngati mamita 200 akufunikadi. Kudula mtunda wa mithunzi kufika pa mamita 100 kumatsitsa tekiselo yomaliza kufika pa masentimita 11.5 popanda kuwonjezera ntchito ya khadi, pomwe kukweza mapu kufika pa 4096 kuti mupeze zomwezo kumadya malo osungira kanayi. Nthawi zambiri ife timayamba tadula mtunda.

Chomaliza pa sitepe iyi, mangirirani pakati pa mpira ku giridi ya matekiselo, kuti kamera ikamayenda mapu azisuntha ndi matekiselo athunthu okha:

```glsl
vec3 q = lightRotation * center;
q.xy = floor(q.xy / texel) * texel;
```

Matirikisi ya kuwala ipangidwe kuchokera pa `q`. Kuzungulira kwa kuwala kudalire dzuwa lokha, kusatsatire kamera.

Sitepe 3: Thinitsani kuya kwa kasikedi iliyonse

Kwa dzuwa, kuya kwa m'mapu kumakwera molingana ndi mtunda, kuchokera pa 0 kumalire apafupi ndi kuwala kufika pa 1 kumalire akutali. Tanthauzo lake n'lakuti nambala iliyonse imene mukuchotsa pa kuyako imachulukitsidwa ndi utali wa danga limenelo. Kasikedi 0 ili ndi mpira wa mamita 28, ndipo tiwonjezerepo mamita 72 kulowera kudzuwa kuti nyumba zazitali zimene zili kunja kwa mpira zithe kuponya mthunzi mkati: danga lonse ndi mamita 100. La kasikedi 3 likhale mamita 600.

Tsopano taonani zimene `0.005`, nambala imene imapezeka m'khodi yambiri yophunzirira, ikutanthauza. M'kasikedi 0 ndi masentimita 50. M'kasikedi 3 ndi mamita 3. Mpata umene bayasi yotere imatsegula patsinde pa chinthu umawerengedwa chonchi:

```
mpata = bayasi × sin(θ) − kuchindikala kwa chinthu
```

Pa madigiri 60, masentimita 50 amasanduka masentimita 43. Kuseri kwa khoma lathu la masentimita 20 kumaoneka kuwala kwa masentimita 23 mthunzi usanayambe, ndipo kuseri kwa mtengo wa masentimita 10 mpata ndi masentimita 33. Mithunzi yoyandama ndi imeneyi. Mfundo imodzi yothandiza ikuonekera pomwepa: chinthu chochindikala chimabisa bayasi. Khoma lopangidwa ndi nkhope imodzi yopanda kuchindikala limayandama ndi bayasi iliyonse, ngakhale yochepa bwanji, ndipo mankhwala ake ndi kulipatsa thupi.

Utali wa danga umakhudzanso kulondola kwa manambala. Mapu a mabiti 16 ali ndi masitepe 65,536. Pa mamita 100 sitepe iliyonse ndi milimita 1.5, pa mamita 600 ndi mamilimita 9, ndipo zonsezi n'zochepa kuposa tekiselo. Koma mukapatsa makasikedi onse danga limodzi la mamita 5,000 kuti likwane dziko lonse, sitepe imakhala masentimita 7.6, kuposa tekiselo ya kasikedi 0 kasanu. Chizindikiro chake ndi mikwingwirima yaikulu imene imaoneka ngakhale dzuwa lili pamutu, pamene `tan(θ)` ili pafupi ndi 0. Mukaiona, thinitsani danga kapena sinthirani ku mabiti 24 kapena 32.

Ngati zinthu zazitali zikudulidwa mithunzi chifukwa zapitirira malire apafupi ndi kuwala, musatalikitse danga mopanda malire. Yatsani `GL_DEPTH_CLAMP` pojambula mapu. Mu Vulkan ndi `depthClampEnable`, ndipo mu Direct3D 11 ndi kuika `DepthClipEnable` pa `FALSE`. Zinthuzo zimapanikizidwa pamalire m'malo motayidwa, ndipo zimaponyabe mthunzi.

Sitepe 4: Kankhani malo owerengera motsata nomalo

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. M'malo mokankhira kuya kulowera kudzuwa, nyamulani malo amene mukuwafufuza mthunzi kuwachotsa pankhope ya chinthu, motsata nomalo, musanawalowetse m'matirikisi ya kuwala.

Mukanyamula malo ndi mtunda `d` motsata nomalo, mpata umene ukutseguka pakati pa malowo ndi nkhopeyo, pouyeza m'njira ya kuwala, ndi `d / cos(θ)`. Tikufuna kuti mpatawu ulingane ndi cholakwika chija, `tekiselo × tan(θ)`. Mukathetsa masamuwo mumapeza kuti `d = tekiselo × sin(θ)`. Ubwino wake uli poyera: `tan` imathawira kumwamba ngodya ikamayandikira madigiri 90, koma `sin` siipitirira 1. Kaya dzuwa litsike bwanji, malowo sanyamulidwa kuposa tekiselo imodzi.

Tekiselo imodziyo iyenera kuchulukitsidwa ndi kutambalala kwa sefa. Ngati mukufewetsa m'mphepete ndi `PCF`, sheda ikuwerenga matekiselo oyandikana nawo, ndipo tekiselo yakutali ndi pakati imabweretsa cholakwika chachikulu. Pa sefa ya 3 × 3 yambani ndi 1.5, pa ya 5 × 5 yambani ndi 2.5. Mukadzakulitsa sefa tsiku lina ziphuphu n'kubwerera, chifukwa chake n'chimenechi.

```glsl
float texel = 2.0 * radius[c] / 2048.0;
float cosA  = clamp(dot(N, L), 0.0, 1.0);
float sinA  = sqrt(1.0 - cosA * cosA);
vec3  p     = worldPos + N * (1.5 * texel * sinA);
vec3  s     = (lightMatrix[c] * vec4(p, 1.0)).xyz * 0.5 + 0.5;
```

`L` ndi muvi woloza kudzuwa, ndipo `c` ndi kasikedi imene yasankhidwa kale. Sankhani kasikedi poyamba, pogwiritsa ntchito malo enieni, kenako mukankhe ndi tekiselo ya kasikediyo. Pa madigiri 60 kukankhaku ndi masentimita 1.8 m'kasikedi 0 ndi masentimita 30 m'kasikedi 3, kuchokera pa nambala imodzi yomweyo ya 1.5. Nambala yoyezedwa ndi matekiselo imadzisintha yokha.

`N` ikhale nomalo ya thupi lenileni la chinthu, yochokera pamaveteksi, osati imene yapindidwa ndi mapu a manomalo. Mapu amenewo amanamiza kuwala kuti khoma lili ndi timabampu, koma m'mapu a mithunzi khomalo ndi losalala. Mukakankha motsata nomalo yopindidwa, mapikiselo oyandikana amanyamulidwa mosiyanasiyana, ndipo m'mphepete mwa mthunzi mumaoneka ngati mwalumidwa.

Njira iyi ikapitirira muyeso imalakwika mwa mtundu wake, ndipo muyenera kuuzindikira. Patsinde pa khoma sipatseguka mpata, chifukwa malo onyamulidwa masentimita awiri akadali kuseri kwa khoma. Chimene chimachitika n'chakuti mthunzi umafupika kunsonga ndi mtunda wa `d × tan(θ)`, ndipo chinthu chachifupi kuposa `d` chimataya mthunzi wonse. Kabokosi kathu ka masentimita 15 kadzakhala ndi mthunzi m'makasikedi atatu oyamba, koma m'kasikedi 3, momwe `d` ndi masentimita 30, sikadzakhala nawo. Pa mamita 150 kabokosiko ndi kakang'ono ngati pikiselo imodzi pa sikirini ya mizere 1080, choncho palibe chotayika. Koma mthunzi wake ukasowa m'kasikedi 1, nambala yanu yakula kwambiri. Chizindikiro china ndi kuwala kolowa m'makona a m'kati mwa chipinda, pamene malo onyamulidwa adutsa khoma kapena denga lopyapyala n'kutulukira panja.

Yambani pa 0.5, muzikwera ndi 0.25, dzuwa lili pa θ ya madigiri 60, mpaka mizere ya pabwalo ndi pamalo otsetsereka itazimiririka. Kenako tsitsani dzuwa kufika pa madigiri 80 muonenso. Mukafika pa 3 ndi sefa ya 3 × 3 mizere ikadalipo, lekani kukweza: pali cholakwika china, kawirikawiri `texel` yowerengedwa ndi theka la mpira m'malo mwa mpira wonse, kapena `N` imene ili m'danga la kamera pomwe `worldPos` ili m'danga la dziko.

Sitepe 5: Bayasi yokhazikika, yaing'ono

Pankhope yoyang'anizana ndi dzuwa `sin(θ)` ndi 0, ndipo kukankha kwa nomalo sikuchita kanthu. Pamenepo pamatsala timadontho tomwazika, tochokera ku kuzunguliridwa kwa manambala ndi kupindika kwa zinthu zobulungira. Bayasi yokhazikika ndi ya ntchito imeneyi yokha. Iyezeni m'matekiselo, muisandutse kuya pogawa ndi danga la kasikedi:

```glsl
s.z -= 0.5 * texel / depthRange[c];
float lit = texture(shadowMap, vec4(s.xy, float(c), s.z));
```

M'kasikedi 0, theka la tekiselo ndi mamilimita 7, amene pa danga la mamita 100 ndi 0.00007, kuchepa pafupifupi ka 70 poyerekeza ndi `0.005` ija. Mpata umene ingatsegule pa madigiri 60 ndi mamilimita 6, ndipo umamezedwa ndi kuchindikala kwa mtengo. M'kasikedi 3 ndi masentimita 11.5, amene amatsegula masentimita 10 pachinthu chopanda kuchindikala, pamtunda pamene pikiselo imodzi ikuphimba kale masentimita 7 kapena kuposa.

Ngati mapu anu a mithunzi amasunga kuya motembenuza, 1 pafupi ndi 0 patali, chizindikiro cha bayasi chimatembenukanso, pamodzi ndi cha kufananiza. Bayasi imene ikuchulukitsa ziphuphu mukaikweza ikuloza mbali yolakwika.

Sitepe 6: Bayasi ya kupendekeka pojambula mapu

Khadi la zithunzi litha kukankhira kumbuyo kuya kwa thirayango iliyonse pamene ikulembedwa m'mapu. Mu OpenGL mumayatsa `GL_POLYGON_OFFSET_FILL` n'kuitana `glPolygonOffset(factor, units)`. Mu Direct3D 11 ndi `SlopeScaledDepthBias`, `DepthBias` ndi `DepthBiasClamp`, ndipo mu Vulkan ndi `vkCmdSetDepthBias`. Gawo la `factor` limachulukitsidwa ndi mmene kuya kwa thirayango kukusinthira pa tekiselo imodzi, ndiye kuti n'loyezedwa kale m'matekiselo, ndipo 1.0 imatanthauza chimodzimodzi m'makasikedi onse. Gawo la `units` limachulukitsidwa ndi sitepe yaing'ono kwambiri ya mtundu wa mapuwo, choncho nambala yomweyo imakankha mosiyana kwambiri pa mabiti 16 ndi pa 24. Mukasintha mtundu wa mapu, iyeseninso.

Ngati sitepe 4 yachotsa mizere yonse, bayasi iyi isiyeni pa 0. Imathandiza pamene manomalo a maveteksi akusiyana kwambiri ndi nkhope zenizeni, monga pamiyala ya makona ochepa, kapena pamene kukankha kwa nomalo kwayamba kudya mithunzi yaing'ono ndipo mukufuna kukutsitsa. Zikatero gawani katundu: kukankha kwa nomalo pa 1.0, `factor` pa 1.0.

Musaisiye yopanda malire. Imatsatira `tan`, ndipo thirayango yopendekeka madigiri 85 m'kasikedi 3, ndi `factor` ya 2, imakankhidwa mamita opitirira 5. Zotsatira zake ndi mabowo owala m'kati mwa mithunzi, amene amatseguka ndi kutsekeka dzuwa likamayenda. Ikani malire a matekiselo atatu, owerengedwa pa kasikedi iliyonse ngati `3 × texel / depthRange`: pafupifupi 0.0004 m'kasikedi 0 ndi 0.0012 m'kasikedi 3. Mu OpenGL 4.6 malirewa amaperekedwa ndi `glPolygonOffsetClamp`.

Pali langizo lofala loti pojambula mapu muzitaya nkhope zoyang'ana kudzuwa n'kusunga zakuseri zokha, ndi `glCullFace(GL_FRONT)`. Ziphuphu zimasamukiradi kuseri, kumene kuli kale mdima. Koma kuya kosungidwa kumakhala kwa nkhope imene ikukumana ndi pansi pomwe mthunzi ukuyambira, ndiye kuchindikala kumene kumabisa bayasi kuja kwatayika, ndipo kamzere kowala kamaoneka patsinde. Masamba, nsalu ndi bwalo lenilenilo zilibe nkhope yakuseri yosiyana ndi yakutsogolo. Pa chifukwa chimenechi sitilimbikitsa njirayi ngati yokhazikika.

Sitepe 7: Mbali imene kuwala kukuthera

Yang'anani mpira wosalala uja pamene kuwala kukusanduka mdima. Mukaona mano a makonamakona motsata mathirayango, vuto si kuchepa kwa bayasi. Kuwala kukuwerengedwa ndi manomalo osalala, pomwe mapu akuona makona enieni, ndipo nkhope ina yatembenukira kale kumdima nomalo yake ikunenabe kuti ikuwala pang'ono. Kukweza bayasi kuti manowa achoke kumawononga malo ena onse. Zimitsani kuwala mofatsa kusanafike pamenepo:

```glsl
lit *= smoothstep(0.0, 0.1, dot(N, L));
```

Ngati mano akadalipo, chinthucho chikufuna mathirayango ochuluka.

Sitepe 8: Malire a makasikedi

Zimitsani mitundu ija, muyendetse kamera pang'onopang'ono kutsogolo mukuyang'ana mthunzi wa khoma la pa mamita 20. Pamene khomalo likuchoka m'kasikedi 1 kulowa mu 0, mthunzi udzathwa mwadzidzidzi, ndipo nsonga yake idzadumpha pang'ono chifukwa `d` yasintha. Kudumpha kwa masentimita ochepa n'koyembekezeka. Kubiseni posakaniza makasikedi awiri m'gawo limodzi mwa magawo khumi omaliza a kasikedi iliyonse, mwachitsanzo kuyambira pa mamita 10.8 kufika pa 12. M'dera limenelo werengani mthunzi kawiri, kulikonse ndi `texel`, `depthRange` ndi matirikisi ya kasikedi yake, kenako musakanize zotsatira. Mukagwiritsa ntchito `p` ya kasikedi yaing'ono powerenga yaikulu, lamba wa ziphuphu amaoneka pamalire enieniwo, ndipo amayenda limodzi ndi kamera. Kumbukiraninso kuti mpira wa kasikedi yotsatira uyenera kuphimba dera losakaniziralo.

Kamzere kakuda kapena kowala kopyapyala pamalire kamachokera kwina: sefa ndi kukankha kwa nomalo zatulutsa malo owerengera kunja kwa mapu. Kulitsani mpira pang'ono kuti m'mphepete mutsale matekiselo anayi osagwiritsidwa ntchito pa sefa ya 3 × 3, ndipo `texel` iwerengedwe ndi mpira wokulitsidwawo. Kumathero kwa kasikedi 3, zimitsani mthunzi mofatsa pa mamita 20 omaliza kuti usaduke ngati wadulidwa ndi mpeni.

Ngati kusiyana kwa makasikedi awiri oyandikana kukuonekabe ngakhale mwasakaniza, yang'anani chiwerengero cha matekiselo awo. M'chitsanzo chathu tekiselo ikukula pafupifupi ka 2.35 pamalire awiri oyamba, kenako ka 3. Ikamakula kanayi kapena kuposa pamalire amodzi, diso limaona msoko. Sinthani `λ` kapena dulani mtunda wa mithunzi, ndipo popeza bayasi yonse yayezedwa m'matekiselo, idzatsatira yokha.

Amene mukugwiritsa ntchito injini yopangidwa kale, zowongolera zake ndi zomwezi ndi mayina ena: `Bias` ndi `Normal Bias` mu Unity, `shadow_bias` ndi `shadow_normal_bias` mu Godot, `shadow.bias` ndi `shadow.normalBias` mu three.js. Miyeso yake imasiyana pa injini iliyonse, choncho musakopere nambala kuchokera ku ina kupita ku inzake. Ndondomeko ndi yomweyi: mtunda wa mithunzi ndi malire a makasikedi poyamba, bayasi ya nomalo kachiwiri, ya kuya pomaliza.

Kuyesa komaliza kuchitike dzuwa likuyenda kuchokera pamutu kufika pa θ ya madigiri 85, kamera ili pansi pafupi ndi tsinde la mtengo wa pa mamita 5, kenako ikuyang'ana malo otsetsereka a pa mamita 150. Kupitirira madigiri 85, tekiselo imodzi ya kasikedi 3 imatambasuka pabwalo mamita oposa 2.6, ndipo bayasi siingabwezeretse tsatanetsatane amene mapu alibe. Ngati dzuwa lanu limafika m'chizimezime, chepetsani mphamvu ya kuwala kwake pakati pa madigiri 85 ndi 90, kapena imitsani muvi wojambulira mithunzi pa madigiri 85 pamene dzuwa looneka kumwamba likupitiriza kulowa.